Fizi munalipira koma sukulu ikuti muli ndi ngongole: kalembedwe ka kalata yopita ku ofesi ya zachuma

Sitetimenti ya kusukulu yafika, ndipo pansi pake alembapo kuti muli ndi ngongole ya mwezi wathunthu. Inu mukudziwa kuti munalipira, banki inakutumizirani uthenga tsiku lomwelo, ndipo ndalamazo mu akaunti mulibe. Zikatere makolo ambiri kuno ku Joni amaimba foni mtima uli m'mwamba, kapena amatumiza chithunzi cha uthenga wa banki kwa aphunzitsi a mwana pa WhatsApp. Aphunzitsi sagwira mabuku a ndalama, ndipo zokambirana pafoni sizisiya umboni. Chofunika ndi kalata yaifupi yopita ku ofesi ya zachuma, ndipo ntchito ya kalatayo ndi imodzi yokha: kuthandiza akalaliki kupeza mzere umodzi, wa ndalama zanu, pakati pa mizere yambirimbiri ya pa sitetimenti ya banki ya sukulu.

Kuti mulembe bwino, yambani mwadziwa zimene akalalikiwo amaona, chifukwa n'zosiyana ndi zimene inu mumaona pafoni yanu. Iwo amatsitsa sitetimenti ya akaunti ya sukulu, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi zinthu zitatu: tsiku limene ndalama zafika, kuchuluka kwake, ndi timawu timene wolipirayo analemba monga refelensi. Nthawi zambiri dzina la mwini akaunti yotumiza silionekapo. Ngati refelensiyo ndi nambala ya banja lanu ya kusukulu, ndalamazo zimalowa pa dzina la mwana wanu popanda vuto. Ngati palembedwa zina, akalaliki sangalote. Amaziika pambali, pamodzi ndi ndalama zina zosadziwika eni ake, n'kudikira kuti wina adzazifunse. Kumapeto kwa mwezi makolo ochuluka amalipira ndalama zofanana tsiku limodzi, choncho kungonena kuti "ndinalipira R1,850 kumapeto kwa Januwale" sikuwathandiza. Mizere yotero ingakhale makumi angapo.

Nthawi zambiri ndalama zanu sizinasowe. Zili m'manja mwa sukulu, kungoti zilibe dzina.

Musanalembe, dziwani pamene ndalamazo zili

Choyamba ndi kuwerenga masiku. Mukalipira kuchokera ku banki imodzimodzi ndi ya sukulu, kawirikawiri ndalama zimafika tsiku lomwelo. Mukalipira pa EFT wamba kuchokera ku banki ina, mwachitsanzo inu muli ku Capitec sukulu ili ku Absa, kapena inu ku FNB iwo ku Nedbank, zingatenge masiku awiri kapena atatu ogwira ntchito, ndipo Loweruka madzulo, Lamulungu ndi masiku a tchuthi cha boma musawawerengere. Kulipira kwa pompopompo, kumene banki imadula kangachepe, ndiponso PayShap imene inayamba mu 2023, kumafika m'mphindi zochepa. Pamwamba pa izi, ofesi zina zimalowetsa ndalama m'mabuku kamodzi pa sabata. Choncho ngati munalipira dzana ndipo sitetimenti yatuluka lero, kalata sikufunika. Dikirani masiku asanu ogwira ntchito, kenako pemphani sitetimenti yatsopano.

Chachiwiri, tsegulani sitetimenti ya akaunti imene inalipira, osati uthenga wa SMS wokha, ndipo yang'anani kuyambira tsiku lolipira mpaka masabata awiri kutsogolo. Mukufuna kuona zinthu ziwiri: kuti ndalamazo zinatulukadi, komanso kuti sizinabwerere. Ndalama zotumizidwa ku akaunti yotsekedwa kapena ku nambala imene kulibe zimabwezedwa patapita masiku angapo, ndipo munthu wotanganidwa sazindikira, makamaka zikabwerera nthawi imodzi ndi malipiro a kuntchito. Chimodzimodzinso ngati sukulu imadzitengera yokha fizi ku akaunti yanu mwezi ndi mwezi: pakakhala kuti tsikulo munalibe ndalama zokwanira, mumaona mzere wotuluka kenako mzere wobwezera. Zikakhala choncho sukulu ikunena zoona, ndipo chofunika ndi kulipiranso, osati kudandaula.

Chachitatu, tsitsani umboni wa kulipira. Pa apu ya banki umapezeka m'mbiri ya zolipira, pa dzina loti `Proof of payment` kapena `Payment notification`, ndipo umatuluka ngati PDF. Ugwireni pambali pa pepala limene sukulu inakupatsani la nambala zake za kubanki, n'kufanizira nambala ya akaunti imodzi ndi imodzi, ndi chala. Osangoyang'ana zoyambirira ndi zomalizira. Sukulu zina zili ndi maakaunti angapo, ya fizi, ya chisamaliro cha ana akaweruka, ya maulendo, kapena pulaimale ndi sekondale za dzina limodzi koma ndalama zosiyana. Ngati ndalama zinapita ku akaunti ina ya sukulu yomweyo, nkhani ndi yopepuka, mungonena zimenezo m'kalata.

Ngati nambalayo si ya sukulu n'komwe, siyani kaye kalata ndipo thamangirani ku banki yanu tsiku lomwelo kukapempha kuti ayese kubweza ndalamazo. Banki imalipiritsa ntchito imeneyi ndipo silonjeza kuti zibwera, chifukwa kawirikawiri imayenera kupempha chilolezo kwa amene anazilandira. Samalaninso kwambiri ngati nambalayo munaitenga pa uthenga wonena kuti sukulu yasintha akaunti. Akuba amagwiritsa ntchito njira imeneyi. Uthenga wotero uzitsimikizidwa poimba nambala ya ofesi imene mukuidziwa kale, kapena popita nokha.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pamagona nkhani zambiri, yang'anani refelensi. Polipira pa apu pamakhala mabokosi awiri. Limodzi ndi la mawu amene adzaoneke pa sitetimenti yanu, ndipo limalembedwa `My reference` kapena `Own reference`. Linalo ndi la mawu amene adzaoneke kwa wolandira, lolembedwa `Their reference`, `Recipient reference` kapena `Beneficiary reference`, malinga ndi banki. Sukulu imaona lachiwirili lokha. Munthu akasinthanitsa mabokosiwa, pa foni yake pamaoneka nambala ya sukulu bwinobwino, iye n'kumakhulupirira kuti anachita zonse molondola, pamene kusukulu kunafika mawu ena. Vuto lina ndi kutalika: bokosilo limalandira zilembo zowerengeka, choncho mukayamba ndi dzina lonse la mwana, giredi, kenako nambala kumapeto, nambalayo ndi imene imadulidwa. Lembani papepala refelensiyo ndendende monga ilili pa umboni, ngakhale ili yolakwika, ngakhale ili yochititsa manyazi. Ndi mawu amenewo amene akalaliki adzawafufuze pa kompyuta.

Chomaliza, werengani sitetimenti ya sukulu mzere ndi mzere, osati chiwerengero cha pansi chokha. Ndalama zikhoza kukhala kuti zinalowa, koma zinakatseka ngongole yakale, monga ya chaka chatha kapena ya mabuku, popeza ofesi zambiri zimayamba zatseka ngongole yakale kwambiri. Zikhoza kukhalanso kuti zonse zinaikidwa pa mwana mmodzi pamene munalipirira awiri, kotero mmodzi ali ndi zotsala, winayo ali ndi ngongole. Ngati ana anu ali ndi masitetimenti osiyana, pemphani onse.

Chitsanzo chimene titsate

Tiyerekeze mayi wokhala ku Rosettenville, ali ndi ana awiri pa sukulu imodzi. Wamkulu ali Giredi 6, fizi yake R1,850 pa mwezi. Wamng'ono ali Giredi 2, fizi yake R1,650. Pamodzi ndi R3,500, ndipo nambala ya banja kusukulu tinene kuti ndi `F2047`. Mu Januwale mayiyu anali ndi ndalama m'manja, choncho anapereka kwa alamu ake kuti alipire pa apu yawo, monga timachitira ambiri. Alamuwo analipira Lachisanu pa 31 Januwale 2025, nthawi ya 18:42, kuchokera ku banki yosiyana ndi ya sukulu. Nambala `F2047` anailemba m'bokosi lawo, ndipo m'bokosi la wolandira analemba `SCHOOL FEES`. Fizi ya Febuluwale mayiyu analipira yekha pa 26 Febuluwale, refelensi yolondola, ndipo inalowa.

Sitetimenti ya pa 28 Febuluwale ikuonetsa fizi ya miyezi iwiri, R7,000, zolipira R3,500, ngongole R3,500. Zoona zake ngongole iyenera kukhala R0.

Onani zimene zikubisa ndalamazi. Refelensi ilibe nambala kapena dzina. Wolipira ali ndi dzina la makolo losiyana ndi la ana, choncho ngakhale dzinalo litaoneka, ofesi silingalidziwe. R3,500 si fizi ya giredi iliyonse, ndi kuphatikiza kwa ziwiri. Ndipo popeza analipira Lachisanu madzulo, ndalamazo ziyenera kuti zinafika Lolemba pa 3 kapena Lachiwiri pa 4 Febuluwale. Mayiyu akangonena kuti analipira pa 31 Januwale, akalaliki adzatsegula sitetimenti ya Januwale, sadzapezapo kanthu, ndipo adzayankha mosanama kuti ndalamazo sizinafike. Kalata yabwino imatseka mipata inayi yonseyi.

Zolumikiza ku kalata

Zikhale zitatu, ndipo muziwerengere manambala kuti muzitha kuzitchula m'kalata.

Choyamba ndi umboni wa kulipira wa PDF, wochokera ku banki. Chithunzi chojambula pa foni ofesi zambiri sizichikhulupirira, ndipo musakhumudwe nazo, chifukwa umboni wabodza ndi wosavuta kupanga ndipo iwo amakumana nawo. Mabanki ambiri amalola kuti apu itumize umboniwo molunjika ku imelo ya sukulu. Chitani zonse ziwiri: banki itumize, inunso mulumikize. Ngati analipira ndi munthu wina, umboniwo uchokere kwa iyeyo.

Chachiwiri ndi tsamba la sitetimenti ya banki loonetsa ndalamazo zikutuluka, ndi masiku otsatira osonyeza kuti sizinabwerere. Mizere ina yonse iphimbeni, pamodzi ndi ndalama zotsala mu akaunti. Sukulu ilibe nazo ntchito zogula zanu, ndipo ngati akauntiyo ndi ya wachibale, mupempheni kaye.

Chachitatu ndi sitetimenti ya sukulu imene ili ndi ngongoleyo, mutazungulira mzere umene mukuutsutsa.

Amene munaponya ndalama pa makina a ATM kapena pa kauntala, umboni wanu ndi kalisiti kaja. Inki yake imafufutika msanga, makamaka m'chikwama kapena padzuwa, choncho kajambuleni lero lomwe ndipo pangani fotokope. Pa lisitipo pamakhala tsiku, nthawi, malo kapena nambala ya makina, ndi nambala yotsatira ndalamazo, ndipo zonsezi zilowe m'kalata. Lisiti lenilenilo musalisiye ku ofesi. Ngati munapereka ndalama pamanja kusukulu komweko, tchulani nambala ya lisiti la sukulu, popeza bukhu lake lili ndi iwowo.

Nambala yachinsinsi ya khadi, mawu olowera pa apu, kapena nambala ya OTP sizifunika pa nkhani iyi. Wina akazipempha m'dzina la sukulu, kanani.

Kalata yeniyeniyo

Maofesi a sukulu za kuno amawerenga Chingelezi, choncho yotumizayo idzakhala ya Chingelezi. Pano taiika m'Chichewa kuti muone dongosolo lake ndi chifukwa cha chiganizo chilichonse. Ngati wina akuthandizani kumasulira, muuzeni asasinthe dongosolo, ndipo manambala muwayang'anenso nokha akamaliza, chifukwa ndi pokopera pamene zilembo zimasinthana malo.

Mutu wa imelo ukhale ndi nambala ya banja, ndalama ndi tsiku, kuti ngakhale osaitsegula adziwe za ndani:

*F2047: R3,500 yolipidwa pa 31 Januwale 2025 sinalowe pa akaunti*

Kenako kalatayo:

*3 Malichi 2025*

*Kwa a ofesi ya zachuma,*
*(dzina la sukulu)*

*Bambo kapena Mayi,*

*Ndine kholo la (dzina la mwana wamkulu), Giredi 6, ndi (dzina la mwana wamng'ono), Giredi 2. Nambala yathu ya banja ndi F2047. Sitetimenti yanu ya pa 28 Febuluwale 2025 ikuonetsa ngongole ya R3,500. Ndalama zimenezi zinalipidwa pa 31 Januwale 2025 koma sizikuoneka pa sitetimentiyo. Ndikupempha kuti muzifufuze ndi kuzilowetsa pa akaunti yathu.*

*Tsatanetsatane wake ndi uyu:*

*Ndalama: R3,500, zolipidwa kamodzi*
*Tsiku ndi nthawi: Lachisanu, 31 Januwale 2025, 18:42*
*Njira: EFT wamba kuchokera ku (dzina la banki)*
*Mwini akaunti yolipira: (dzina monga lilili kubanki), alamu anga*
*Akaunti yolandira: (banki ya sukulu), yothera ndi (manambala anayi omaliza)*
*Refelensi imene inafika kwa inu: SCHOOL FEES*
*Nambala ya banki ya kulipiraku: (monga ilili pa umboni)*

*Nambala yathu ya banja inalembedwa m'bokosi lolakwika polipira, choncho siikuoneka kwa inu. Pepani chifukwa cha ntchito imene zimenezi zakuwonjezerani. Popeza kulipiraku kunachitika Lachisanu madzulo kuchokera ku banki ina, chonde yang'anani sitetimenti yanu ya banki kuyambira pa 31 Januwale mpaka pa 5 Febuluwale, komanso pa ndalama zimene simunapeze eni ake.*

*Mukazipeza, chonde gawani motere: R1,850 kwa (mwana wamkulu) ndi R1,650 kwa (mwana wamng'ono), zonse za fizi ya Januwale 2025. Malinga ndi kuwerengera kwanga, fizi ya Januwale ndi Febuluwale ndi R7,000, ndipo talipira R3,500 pa 31 Januwale ndi R3,500 pa 26 Febuluwale, kotero pa 28 Febuluwale sipayenera kukhala ngongole.*

*Ndikupemphanso zinthu zitatu: mundidziwitse kuti kalatayi mwailandira, munditumizire sitetimenti yokonzedwa pofika Lachisanu pa 14 Malichi 2025, ndipo pamene mukufufuza, musaike chiwongoladzanja kapena chindapusa pa R3,500 imeneyi, ndiponso musaipereke kwa otolera ngongole. Ngati simuipeza, chonde ndiuzeni polemba masiku amene mwayang'ana, kuti alamu anga akapemphe banki yawo kuilondola.*

*Ndalumikiza: 1. umboni wa kulipira, 2. tsamba la sitetimenti ya banki; 3. sitetimenti yanu ya pa 28 Febuluwale.*

*Zikomo chifukwa cha thandizo lanu.*

*Ine,*
*(dzina lanu lonse, nambala ya foni, imelo)*

Kalatayi ikukwana tsamba limodzi, ndipo iyenera kutero. Mulibemo mbiri ya mmene munavutikira kupeza ndalamazo, ngakhale mavutowo ndi enieni, chifukwa akalaliki akakumana ndi ndime zitatu za madandaulo asanafike pa manambala, amaiika pambali kuti adzaiwerenge akapeza mpata. Mulibenso mawu oti sukulu yaba kapena yadya ndalama. Pa nthawi imeneyi simukudziwa amene analakwitsa, ndipo munthu amene mukumuneneza ndi yemweyo amene ayenera kukhala pansi n'kufufuza mzere wanu.

Chiganizo chovomera kuti refelensi inalakwika makolo ena amafuna kuchichotsa, poopa kuti chiwafooketsa. Chisiyeni. Ndi chimene chikuuza akalaliki kuti asataye nthawi kufufuza `F2047`, koma afufuze `SCHOOL FEES` ndi R3,500. Kulakwitsa refelensi sikufafaniza kulipira: ngati ndalama zinafika mu akaunti ya sukulu, zinafika. Koma ngati refelensi yanu inali yolondola, chotsani kupepesako ndipo lembani kuti nambala ya banja inalembedwa molondola monga umboni ukuonetsera, kenako pemphani kuti ayang'ane ngati ndalamazo sizinaikidwe pa banja lina la nambala yofanana nayo, monga `F2074`, kapena la dzina lofanana. Maina monga Banda ndi Phiri amapezeka kangapo pa sukulu imodzi m'madera amene a kwathu ndi a ku Zambia tachulukamo.

Ndime ya kagawidwe ndi yofunika kuposa mmene ikuonekera. Mukapanda kunena, ofesi idzaika ndalamazo pamene dongosolo lake likufuna, mwina zonse pa mwana mmodzi, ndipo mwezi wamawa mudzalembanso kalata ina. Kuwerengera kwanu kukhalenso poyera, chifukwa ngati pali china chimene simukuchidziwa, monga ndalama ya ulendo imene inawonjezedwa, akalaliki adzaona msanga pamene mawerengero anu ndi awo akusiyanirana.

Tsiku loyembekezera yankho likhale lenileni, osati "mwamsanga". Masiku asanu ndi awiri mpaka khumi ogwira ntchito ndi okwanira. Yang'anani kalendala ya sukulu musanalisankhe, kuti lisagwere m'tchuthi ofesi itatseka. Ndipo pamene mukudikira, fizi ya mwezi uno lipirani monga mwa masiku onse. Mukaimitsa kulipira pofuna kuwakakamiza, ngongole yongooneka ija imasanduka yeniyeni. Musalipirenso kachiwiri ndalama yotsutsidwayo pongofuna mtendere, pokhapokha mutagwirizana polemba kuti ikapezeka adzaiwerengera mwezi wotsatira.

Kutumiza ndi kulondola

Tumizani ku imelo ya ofesi ya zachuma, imene kawirikawiri imalembedwa pa sitetimenti pomwepo, ndipo gwiritsani ntchito imelo imene sukulu ikuidziwa kuti ndi yanu. Onetsetsani kuti zolumikiza zitatu zija zapitadi, ndipo ngati PDF ya banki ili ndi loko wofuna nambala yotsegulira, isindikizeni n'kuijambula m'malo mopereka nambalayo. Ngati mulibe imelo, kapena padutsa masiku atatu osamva kanthu, sindikizani makope awiri n'kupita nawo. Imodzi asunge, inayo akudindireni chidindo cha sukulu, alembepo tsiku ndi kusaina, mubwerere nayo. Mukalankhula ndi wina pafoni kapena pawindo, lembani tsiku, dzina lake ndi zimene wanena, ndipo madzulo ake tumizani uthenga wa mizere iwiri wobwereza zimene mwagwirizana.

Yankho likhoza kubwera mwa mitundu itatu. Akati azipeza, musakhutire ndi mawu okha: pemphani sitetimenti yatsopano, muone kuti R3,500 yalowa, yagawidwa monga munapemphera, ndipo chindapusa chilichonse chimene chinabwera chifukwa cha ngongoleyo chachotsedwa. Akati pali mizere iwiri kapena itatu ya R3,500 yopanda eni, umboni wanu wa banki ndi umene udzasiyanitse, makamaka refelensi yeniyeni ndi banki yochokera. Akati sakuzipeza, mwini akaunti yolipira apite ku banki yake ndi umboni uja, akapemphe kuti alondole kulipirako ndi kupereka kalata yotsimikiza akaunti imene inalandira ndi tsiku lake. Banki silankhula ndi inu za akaunti ya munthu wina, choncho m'chitsanzo chathu opita ndi alamu aja. Kalata ya bankiyo itumizeni poyankha imelo yoyamba ija, kuti nkhani yonse ikhale pa ulusi umodzi.

Tsiku lanu likadutsa kuli zii, tumizani chikumbutso chachifupi, mutchule tsiku la kalata yoyamba, ndipo kope ipite kwa ahedi. Pa sukulu ya boma, ndalama za fizi zimayang'aniridwa ndi komiti yoyendetsa sukulu, imene kuno amaitcha SGB, choncho pambuyo pa ahedi mulembere wapampando kapena msungichuma wa komitiyo, ndipo zikakanika, ofesi ya m'dera ya dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng. Pa sukulu yoyima payokha, tsatirani njira ya madandaulo imene ili m'mgwirizano umene munasaina polembetsa mwana, ndipo werengani zimene ukunena za chiwongoladzanja ndi masiku a chenjezo, chifukwa kumeneko mgwirizanowo ndi umene umalamulira zambiri.

Pali chinthu chimodzi chimene makolo ochokera kunja amaopa kuchitchula, koma ndi choyenera kuchidziwa. Lamulo la sukulu la dziko lino la 1996, pa gawo 41, limaletsa sukulu ya boma kulanga mwana chifukwa cha fizi: sangamuchotse m'kalasi, sangamuletse masewera ndi zochitika zina za sukulu, sangamumane lipoti la mayeso kapena kalata yosamukira ku sukulu ina. Nkhani ya fizi ndi ya pakati pa sukulu ndi kholo. Zimenezi musaziike m'kalata yoyamba, chifukwa kuyamba ndi malamulo pamene vuto ndi refelensi kumangoumitsa mitima. Koma mwana akabwera kunyumba atauzidwa kuti salandira lipoti chifukwa cha ndalama imene mukuitsutsa polemba, lemberani ahedi tsiku lomwelo, mutchule gawolo, ndi kulumikiza kalata yanu yoyamba. Ndipo ngati mwalandira kale kalata ya loya kapena ya otolera ngongole, musaikhalire: atumizireni kope ya kalata yanu ndi umboni, muwauze kuti ngongoleyo mukuitsutsa, ndipo sukulu idziwe kuti mwatero.

Nkhani ikatha, tsegulani apu pamene munasunga dzina la sukulu monga wolandira, ndipo konzani bokosi la wolandira kuti mukhale nambala ya banja yokha, kapena nambalayo poyamba dzina pambuyo. Refelensi yosungidwa imadzibwereza mwezi uliwonse, choncho ikakhala yolakwika, vutoli limabweranso. Sukulu zina zimapereka nambala yatsopano mwana akachoka ku pulaimale kupita ku sekondale, kotero yang'anani pa sitetimenti yoyamba ya chaka chilichonse. Ikaninso imelo ya ofesi ya zachuma pamalo otumizira umboni, kuti banki izitumiza yokha mukangolipira. Tsiku limene mwatumanso wachibale kuti akulipirireni, mulembereni nambalayo pa uthenga, mumuuze bokosi loti ailembemo, ndipo akutumizireni PDF yake asanaike foni m'thumba.